Foni yanga yadzaza zotsatsa malonda ndipo ikuchedwa: kodi ndiikemo chotchinga chanji?

*"Ndili ndi foni ya Android imene ndinagula zaka ziwiri zapitazo. Masiku ano ikuchedwa kwambiri, ndipo zotsatsa malonda zimangotulukira n'kudzaza sikirini yonse, ngakhale ndikucheza pa WhatsApp kapena ndikufuna kuimba foni. Nthawi zina imalemba kuti yagwidwa ndi mavayirasi. Mwana wa achemwali anga akuti ndiikemo pulogalamu yotchinga zotsatsa ndi ina yoletsa kuti asamandilondelonde. Kodi zimenezi zimathandizadi? Ndiike iti? Ndili ndi nkhawa chifukwa ndalama za geni yanga ya kaunjika ndimalandirira pafoni yomweyi."*
*Mayi wa ku Kawale, Lilongwe*

Mayi, mtima m'malo, foni yanuyo sinafe. Ndakhala ndikukonza mafoni kwa zaka zambiri, ndipo ochuluka amene amabwera ndi vuto ngati lanuli amachira pasanathe ola limodzi, popanda kufulasha komanso popanda kugula kanthu. Mwanayo sanakunamizeni, zotchinga zilipodi ndipo zina ndi zabwino zedi. Koma ndikupemphani kuti musathamangire kuika chilichonse lero. Chotchinga chili ngati mpanda, chimaletsa zochokera kunja. Kwa inu ndikuona kuti chovutacho chinalowa kale m'nyumba, ndiye tiyambe tachipeza n'kuchitulutsa, mpandawo timange pambuyo pake.

Ndikutero chifukwa WhatsApp saika zotsatsa pakati pa macheza anu, ndipo malo oimbira foni alibe zotsatsa. Chinthu chikatha kuphimba zimenezi, ndiye kuti m'fonimo muli pulogalamu ina imene inapatsidwa chilolezo choonekera pamwamba pa zinzake. Mapulogalamu otere sabwera ndi nkhope yoopsa ayi. Amabwera ngati tochi, choyeretsera foni, chosungira batire, choziziritsa foni, chosewerera nyimbo, kapena kamasewero kamene mwana anaika mutamubwereka foni kuti atonthole. Ena amalowa munthu akakutumizirani pulogalamu kuchokera pafoni yake, kapena mukasiya foni pabenchi kuti akuikireni nyimbo ndi mafilimu.

Njira yodziwira ngati ndikunena zoona ndi yaulere. Dinani batani lozimitsira foni osalisiya mpaka patuluke mawu akuti `Power off`. Kenako ikani chala pa mawu amenewo osachichotsa, ndipo foni idzakufunsani ngati mukufuna kulowa mu `Safe mode`. Vomerani. Foni ikayakanso, mawu omwewo adzaoneka m'munsi mwa sikirini. Mmenemo mapulogalamu onse amene anaikidwa mutagula kale foniyo amagona, amagwira ntchito ndi okhawo amene inabwera nawo. Yatsani intaneti, igwiritseni ntchito mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, muitseke ndi kuitsekula kangapo. Zotsatsa zikasiya, komanso mukaona kuti foni yapepukako, mwadziwa kuti wolakwayo ndi mlendo amene mungathe kumuchotsa. Kuti mutulukemo, ingozimitsani foni n'kuiyatsanso.

Ndikuuzeni za foni imodzi imene ndinaigwira chaka chatha, chifukwa inali ndi pafupifupi zonse zimene mungakumane nazo. Mwini wake anali bambo woyendetsa njinga yamoto ya kabaza. Makasitomala akamuimbira, ankati akatenga foni kuti ayankhe, n'kupeza kanema wotsatsa masewero waphimba sikirini, ndipo pomwe ankapeza kachizindikiro kotsekera, woimbayo anali atadula kale. Tinalowa mu `Safe mode`, zii, palibe chinatuluka. Titabwerera, tinadikira kuti chotsatsacho chitulukenso, ndipo chitangotuluka ndinadina batani loonetsa mapulogalamu amene angotsekulidwa kumene. Kawirikawiri pamenepo pamaoneka dzina la pulogalamu imene yabweretsa chotsatsacho, koma apa panalibe dzina, panali kabwalo koyera basi.

Ndiye tinapita ku `Settings`, kenako `Apps`, n'kutsekula mndandanda wonse. Tinauwerenga umodzi umodzi, ndikuwafunsa bambowo pa dzina lililonse kuti, "Iyi mumaidziwa? Munaigwiritsapo ntchito liti?" Kumapeto kwenikweni kwa mndandanda kunali mzere wopanda dzina ndi wopanda chithunzi, wongolembedwa kukula kwake. Munthu wothamanga sangauone. Titautsekula tinapeza kuti batani la `Uninstall` lafooka, silikudinika. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamuyo inadzilembetsa ngati woyang'anira foni. Tinalemba mawu akuti `Device admin` pa malo ofufuzira a mu `Settings`, tinaipeza pamndandanda umenewo, tinaichotsa udindowo, ndipo titabwerera batani lija linadinika. Tinachotsanso mapulogalamu atatu oyeretsera foni. Bambowo anawaika okha pofuna kuthana ndi vuto loyambalo, ndipo lililonse linkabwera ndi zotsatsa zake.

Inunso chitani chimodzimodzi, ndipo muwonjezere malo awiri. Fufuzani `Display over other apps`, kapena `Appear on top` ngati foni yanu ndi Samsung. Pamndandanda umenewo, tochi kapena masewero alibe chifukwa chokhala ndi chilolezo, zimitsani. Kenako fufuzani `Accessibility`. Apa ndikufuna mukhale tcheru kwambiri chifukwa cha ndalama zanu zija. Chilolezo chimenechi anachipangira anthu amene ali ndi vuto la maso kapena manja, ndipo pulogalamu imene yachilandira imatha kuwerenga zimene zili pasikirini ngakhalenso kudina mabatani m'malo mwanu. Mukapezamo dzina limene simukulidziwa lili loyatsidwa, lizimitseni nthawi yomweyo. Mukamaliza tsekulani Play Store, dinani chithunzi chanu chili pamwamba kumanja, sankhani `Play Protect` n'kudina `Scan`. Sichigwira zonse, koma chimagwira zambiri zodziwika kale.

Chenjezo limodzi: ngati foniyo munaitenga pangongole yolipira pang'onopang'ono, mu `Device admin` mudzapezamo pulogalamu ya kampani imene inakukongozani. Imeneyo musaikhudze. Mukalimbana nayo foni ikhoza kutsekeka, ndipo mudzakhala mwaphwanya pangano.

Tsopano za uthenga wa mavayirasi uja. Tsamba la pa intaneti lilibe mphamvu yofufuza m'kati mwa foni yanu. Choncho uthenga uliwonse wa patsamba wonena kuti muli ndi mavayirasi angapo, kapena kuti batire yanu iwonongeka pakatha mphindi ziwiri, ndi bodza lamkunkhuniza, ngakhale foni itanjenjemera ndi kulira. Cholinga chake n'chakuti muchite mantha, mudine, n'kuika pulogalamu ngati zija tinachotsa kwa bambo wa kabaza. Mauthenga amenewa nthawi zambiri amabwera kumtunda kwa sikirini, kumene kumafikira mauthenga a anzanu. Amayamba chonchi: mwatsekula tsamba lofunira nyimbo kapena zotsatira za mpira, ndiye likulemba kuti dinani `Allow` kuti mupitirize, kapena kuti musonyeze kuti ndinu munthu. Mukadina, mwalipatsa chilolezo chokutumizirani mauthenga usana ndi usiku, ngakhale mutalitseka tsambalo.

Uthenga wotere ukabwera, ikanipo chala osachichotsa, ndipo foni idzakuonetsani kumene wachokera. Ngati ndi Chrome, tsekulani Chrome, dinani timadontho titatu ta pamwamba kumanja, mulowe mu `Settings`, kenako `Site settings`, kenako `Notifications`. Mudzapeza mndandanda wa masamba amene munawalola. Bambo uja anali nawo khumi ndi limodzi, ndipo sankadziwapo ngakhale limodzi. Atsekeni onse amene simukuwadziwa. Ine ndimalangiza anthu ambiri kuti angozimitsiratu batani lalikulu la pamwamba, kuti masamba asamapemphe n'komwe. Muli komweko onaninso kuti `Pop-ups and redirects` ndi yotsekedwa.

Mukafika apa nyumba yaseseka, ndiye tikambe za mpanda.

Chotchinga chimene ndimaikira anthu ambiri si pulogalamu n'komwe. Chili kale m'foni iliyonse ya Android 9 kupita m'tsogolo, ndipo dzina lake ndi `Private DNS`. Kuti mumvetse ntchito yake, dziwani kuti foni ikafuna kutenga chinthu pa intaneti, imayamba yafunsa kuti dzina lakutilakuti likupezeka pa adiresi iti, monga mmene mumafunsira nambala ya munthu musanamuimbire. Masewero akafuna kuonetsa chotsatsa, nawonso amafunsa adiresi ya kampani yotumiza zotsatsayo. Mukasintha woyankha mafunso amenewa n'kuika amene ali ndi mndandanda wa makampani otere, iye amayankha mafunso ena onse bwinobwino, koma la zotsatsa sapereka adiresi yolondola. Chotsatsacho sichifika n'komwe pafoni, ndiye bandulo yanu sinadyedwe.

Lembani `Private DNS` pa malo ofufuzira a mu `Settings`. Pa Samsung ili mu `Connections`, kenako `More connection settings`, pomwe pa mafoni ambiri ili mu `Network & internet`. Sankhani `Private DNS provider hostname` ndipo mulembe izi ndendende:

```
dns.adguard-dns.com
```

Dinani `Save`. Mukalakwitsa chilembo chimodzi foni idzalemba kuti yalephera kulumikiza, ndiye werenganinso bwino. Ngati ana amagwiritsanso ntchito foniyo, pali ina ya kampani yomweyo imene imatsekanso masamba olaula:

```
family.adguard-dns.com
```

Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa siidya malo, siilemetsa foni yofooka kale, ndipo imagwira mapulogalamu onse nthawi imodzi. Koma ili ndi malire amene muyenera kuwadziwa kuti musadzakhumudwe. Zotsatsa za pa YouTube, Facebook ndi TikTok zidzapitirirabe, chifukwa zimachokera ku adiresi yomweyo imene kumachokera makanema ndi zithunzi zimene mukufuna kuona. Kutseka chotsatsacho kukanakhala kutseka zonse. Dziwaninso kuti kampani yoyankhayo imaona mayina a masamba amene foni yanu ikufunsa, ngakhale siiona zimene mukulemba kapena kuwerenga m'katimo. N'chifukwa chake simuyenera kulemba pamenepo dzina lililonse limene munthu wangokutumizirani pagulu la WhatsApp.

Palinso vuto lina limene limatikhudza kwambiri ife ogula timabandulo ta tsiku. Mukagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena Facebook yokha, nthawi zina foni imalephera kufikira woyankha uja chifukwa iye sali m'gulu la zimene bandulo imeneyo imalola. Zikatero intaneti imangoti zii ngakhale bandulo ilipo, ndipo mwina mudzaona uthenga wakuti `Private DNS server cannot be accessed`. Zomwezi zimachitikanso pa waifai ya m'mahotela ndi m'masukulu imene imafuna kuti muyambe mwalemba dzina patsamba lawo. Musathamangire kwa okonza mafoni. Bwererani pamalo paja, sankhani `Automatic`, ndipo intaneti idzabwerera. Mukagula bandulo wamba mudzayatsenso. Chimodzimodzi pulogalamu ya banki kapena tsamba lina lofunika likayamba kuvuta mutangoika chotchingachi, yambani mwachizimitsa muone ngati chinali chimenecho. Koma kutumiza ndi kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba podina nyenyezi ndi manambala sikudutsa pa intaneti, choncho chotchingachi sichikukhudza konse.

Ngati mumawerenga kwambiri masamba a pa intaneti, onjezerani chotchinga cha m'burawuza, pulogalamu yotsekulira masamba ngati Chrome, chifukwa chimenecho chimaona tsambalo m'kati mwake ndipo chimachotsa zimene `Private DNS` imaphonya, ngakhalenso malo opanda kanthu amene amatsala. Chrome ya pafoni salola kuikamo zotchinga zotere, ndiye musataye nthawi kufunafuna. Njira zake ndi ziwiri. Mukhoza kuika Firefox kuchokera pa Play Store, n'kulowa mu `Extensions`, n'kusankha uBlock Origin, imene ndi yaulere ndipo ndi imene ine ndimagwiritsa ntchito. Kapena ikani Brave, imene imabwera ndi chotchinga chake chili choyatsa kale, ndipo ndi yosavuta kwa munthu amene safuna zosinthasintha. Sankhani imodzi yokha. Ngati muli ndi tsamba la nkhani la kwathu kuno limene mumalikonda, mukhoza kuzimitsa chotchinga pa tsamba limenelo lokha, popeza atolankhani ake amadyera zotsatsa zomwezo.

Chimene ndikukuletsani ndi kulemba mawu ofunira chotchinga mu Play Store n'kuika choyamba chimene chatuluka. Google inachotsa pa Play Store mapulogalamu otchinga zotsatsa za m'mapulogalamu ena m'chaka cha 2013, ndipo malamulo ake sawalolabe. Ndiye ambiri amene mudzawapeze ndi mayina okopa amangogwira m'burawuza mokha, ena amakulowetsani m'malipiro a sabata ndi sabata, ndipo ena ali ndi zotsatsa zawozawo. Enieni otchinga foni yonse amatengedwa pa masamba a eni ake, ndipo munthu wosazolowera akhoza kutenga wabodza wofanana naye dzina. Kwa inu `Private DNS` ikukwanira.

Za olondalonda aja, ndiyenera kukuuzani mosabisa kuti si amene akutulutsa zotsatsa pasikirini panu. Iwo ndi tizidutswa tobisika m'mapulogalamu ndi m'masamba, timene timatumiza uthenga ku makampani a zamalonda wonena mtundu wa foni yanu, dera limene muli, zimene mwatsekula ndi nthawi yake. Nthawi zambiri amakuzindikirani ndi nambala yapadera imene Android imapereka pa zamalonda. Kuwatchinga kumateteza zinsinsi zanu ndipo kumapulumutsako bandulo ndi batire pang'ono, koma foni siisanduka yatsopano chifukwa cha zimenezo. Zimene tapanga kale zija zatseka ambiri mwa iwo. Chowonjezera chosavuta ndi kufufuza `Ads` mu `Settings`, n'kudina `Delete advertising ID`. Zotsatsa sizitha ndi zimenezi, koma kumakhala kovuta kuti alumikize zochita zanu za m'mapulogalamu osiyanasiyana.

Ilipo pulogalamu ya DuckDuckGo imene ili ndi gawo lotchedwa `App Tracking Protection`, ndipo imakuonetsani mapulogalamu amene amayesa kutumiza uthenga wanu ndi kumene amautumiza. Ndi yabwino kwa munthu wofuna kuona ndi maso ake. Koma imagwira ntchito ngati VPN ya m'foni momwemo, kutanthauza njira imene intaneti ya mapulogalamu imadutsiramo, imakhala yoyaka nthawi zonse, ndipo Android imalola VPN imodzi yokha panthawi imodzi. Pafoni ya RAM ya 2 GB ine sindiika, chifukwa zimene imapulumutsa n'zochepa poyerekeza ndi kulemera kumene imawonjezera. Kuunjika zotchinga zitatu kapena zinayi ndi njira ina yochedwetsera foni.

Kuchedwako tikuonenso pakokha, chifukwa mwina sikudzatha konse ndi zimene tanenazi. Foni ya bambo wa kabaza inapepuka titachotsa mapulogalamu anayi aja, koma inali kuganizabe nthawi yaitali isanatsekule kamera. Titayang'ana mu `Storage` tinapeza kuti pa 32 GB panangotsala malo osakwana 1 GB. Foni imafuna malo opumira polemba tinthu take ta kanthawi, ndipo ikadzaza chonchi chilichonse chimakoka miyendo. Pafupifupi 9 GB anali makanema a m'magulu a WhatsApp, ena obwerezedwa katatu. Inu ogulitsa kaunjika ndikudziwa kuti zithunzi za zovala zimachuluka. Lowani mu WhatsApp, `Settings`, `Storage and data`, `Manage storage`, muyambe ndi mafayilo akuluakulu ndi amene anatumizidwa kambirimbiri. Komweko zimitsani kuti makanema asamadzitsitse okha. Yesetsani kuti pakhale malo a 3 kapena 4 GB opanda kanthu. Ndipo ngati RAM yanu ndi 2 GB, Facebook Lite idzakuyenderani bwino kuposa Facebook yaikulu ija.

Bwanji ngati zotsatsa zinapitirira ngakhale mu `Safe mode`? Pamenepo ndiye kuti zikuchokera ku mapulogalamu amene foni inabwera nawo. Mafoni ambiri otsika mtengo amabwera ndi sitolo yawoyawo ya mapulogalamu, choyeretsera, malo a masewero ndi tsamba la nkhani, ndipo zina mwa zimenezi zimatumiza zotsatsa. Zambiri sizichotseka, koma mukazitsekula mu `Apps` mukhoza kudina `Disable` ngati batanilo lilipo, kapena kuzimitsa `Notifications` zake. Zimitsani zokhazo zimene mwaziona ndi maso zikutumiza zotsatsa, zina zosadziwika muzisiye, poti zina ndi zimene zimayendetsa foniyo.

Pali zizindikiro zimene mukaziona musapitirize nokha. Ngati pulogalamu mwaichotsa koma mawa lake yabwerera, ngati mapulogalamu atsopano akudziika okha, ngati `Settings` ikudzitseka mukangofuna kuchotsa chinthu, kapena ngati mayunitsi akutha musanaimbe, pitani nayo kwa wokonza amene mumamukhulupirira. Ndipo mukaona uthenga wa ndalama zimene simunatumize, kapena manambala otsimikizira akubwera musanawapemphe, musadikire kuti kuche. Chotsani simu, iikeni m'foni ina yaing'ono ya mabatani, musinthire mmenemo nambala yanu yachinsinsi, kenako muimbire kampani ya netiweki yanu kapena banki pa nambala yawo yovomerezeka. Musasinthire pafoni yokayikitsayo, chifukwa ngati muli pulogalamu yowerenga sikirini idzaonanso nambala yatsopanoyo.

Kwa wokonzayo, khalani pomwepo akamagwira foni, muitsekule nokha, ndipo nambala yachinsinsi ya ndalama musamupatse, ntchito imeneyi siifuna nambala imeneyo. Akanena kuti njira yatsala ndi kufufuta zonse, zikhoza kukhala zoona, koma musanavomere sungani zithunzi zanu kwina, onetsetsani kuti manambala a makasitomala ali pa akaunti yanu ya Google, ndipo tsimikizani kuti mukukumbukira imelo ndi mawu achinsinsi a akauntiyo. Foni ikafufutidwa ikhoza kufunsa akaunti imene inalimo kale, ndipo ndaonapo anthu akubwerera kwawo ndi foni yoyera koma yotsekeka chifukwa amene anawatsekulira akauntiyo anasamuka kalekale. Ikayakanso, musabwezere mapulogalamu onse akale nthawi imodzi. Ikani okhawo amene mumawafunadi, kuchokera pa Play Store, awiri kapena atatu patsiku, kuti chotsatsa chikadzatulukanso mudzadziwe kuti chabwera ndi uti.